Wophunzira wangondandalika mabuku mu monografiya yake? Umu ndi momwe mungamuuzire

Amene mumayang'anira ana a lisensiyatura kuno ku Tete mukuidziwa nkhaniyi. Nthawi ya defeza ikayandikira mwana amakutumizirani kapitulo yachiwiri pa WhatsApp usiku, ija ya kuunika zomwe ena analemba kale, revizawu monga timanenera, ndiye mukatsegula mupeza masamba 12 ndipo ndime iliyonse ikuyamba ndi "segundu fulanu", malinga ndi uje, malinga ndi uje, mpaka kumapeto. Kuwerenga wawerenga ndithu, palibe wabera. Koma olembawo akhala ngati anthu a mu shapa yochokera ku Ulongwe, aliyense pampando wake, osalankhulana. Ambirife timangolemba m'mbali kuti "sintetiza" n'kubweza, mwana uja amadula ndime ziwiri kuti zifupike n'kutumizanso zomwezo, chifukwa palibe anamuonetsapo kuti mawu amenewo amafuna achite chiyani ndi manja ake.

Ndikuuzani momwe ndinachitira ndi mnyamata wina wa zaulimi, dzina tisiye. Funso lake linali lakuti ulimi wa mtayakhasu, uja wosagaula, wophimbira nthaka ndi kuchita kasinthasintha wa mbewu, ungakweze zokolola za chimanga kwa alimi ang'onoang'ono a ku Angoniya kapena ayi.

Poyamba penipeni cholembera chofiira chiikeni pansi. Werengani chiganizo choyamba chokha cha ndime iliyonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ngati zonse zikuyamba ndi dzina la munthu ndi chaka, matenda mwawapeza kale. Kuti mutsimikize, tengani ndime yachitatu muiike pamalo pa yachisanu ndi chiwiri, muone ngati china chasokonekera. Pa kapitulo ya mnyamata uja sipanasokonekere kanthu, ndikanatha kuzisakaniza ngati makadi a juga n'kuwerengekabe chimodzimodzi. Kapitulo yomwe ikumanga mfundo siilola zimenezo, ndime yapatsogolo imatsamira pa yam'mbuyo ndiye ukaisuntha imagwa.

Chachiwiri ndi kudziletsa, ndipo apa ndi pomwe ine ndimalakwa kawirikawiri. Muona zaka zolakwika, makoma osowa, Chipwitikizi chopindika, dzanja lizikuyabwani. Zisiyeni. Mukaika ndemanga 40 mu Word, mwana akonza 39 zophweka zija n'kusiya imodzi yofunikayo, ndipo iye aziona ngati wagwira ntchito yaikulu. Komanso bwanji kukonza makoma pa ndime zomwe mawa zigumulidwa? Ulendo woyamba nkhani ikhale imodzi yokha.

Kenako muitaneni, nkhani iyi pa meseji siyenda. Uja anabwera Lachitatu masana, laputopu m'manja, nkhope ngati wabwera ku mlandu. Ndinayamba ndi kumuuza zoona kuti wasankha zowerenga zabwino ndipo wazifotokoza molondola, osati kumunyengerera ayi, zinalidi choncho ndipo amayenera adziwe kuti sitikutaya zonse. Ndiye ndinati tseka laputopuyo. "Tandiuza mphwanga, mwa anthu wawerengawa, ndani akanakhala pano akanakangana ndi mnzake?" Anakhala chete kanthawi, akukanda m'mutu. Kenako akuti "Aphunzitsi, a FAO aja amalimbikitsa kwambiri, koma Giller ndi anzake akukayikira." Ndinati eya, akukayikira chiyani? Apa anamasuka, akuti pepala la 2009 lija likunena kuti umboni wakuti njirayi imathandiza alimi ang'onoang'ono a mu Afirika ndi wosakanikira, udzu umachuluka ukasiya kugaula ndiye ntchito yopalira imakula, komanso mapesi omwe akuti tiphimbire nthaka ndi omwewo ng'ombe zimadya m'chilimwe. Ndinamufunsa kuti nanga zimene wanenazi, kuti awa ndi awa sakugwirizana, zili pa tsamba liti mu kapitulo yako? Anaseka. Panalibe. FAO inali tsamba 3, Giller tsamba 8, pakati pake sanapatsane ndi moni womwe.

Dziwani kuti ana ambiri kulumikiza amatha pakamwa, chomwe chimawagwira ndi mantha. Kuyambira ku pulayimale anazolowera kuti zomwe zili m'buku umabwereza momwe ziliri, ndiye kulemba kuti dotolo wakuti akutsutsana ndi dotolo wakuti amaona ngati mwano, iye ndani. Muuzeni momveka kuti ntchito yake ndi imeneyo, juri ikufuna kumva iyeyo akuweruza, zoti mabuku alipo ikudziwa kale.

Tsopano tebulo. Tinatenga pepala wamba n'kuligoneka cham'mbali. Kumanzere kutsika pansi mayina a olemba, pamwamba mafunso ochokera ku funso lake lalikulu: anayesa kuti, mvula ya kumeneko ndi yotani, anangosiya kugaula kapena anaphimbiranso ndi kuchita kasinthasintha wa mbewu, kwa zaka zingati, zokolola zinakwera kapena zinatsika. Mafunso apamwambawo musamupatse onse, mupatseni awiri ena apeze yekha, apo ayi tebulo likhala lanu. Nyumba iliyonse ya tebulo mawu ochepa basi, osakopera chiganizo. Akadzaza, chinsinsi chonse ndi ichi: kapitulo yakale inalembedwa mopingasa, mzere umodzi munthu mmodzi, yatsopano ilembedwe motsika, funso limodzi anthu onse. Funso lililonse lapamwamba lija limasanduka ndime kapena kamutu.

Titatsika ndi funso la mvula mnyamata uja anaona yekha chomwe chinabisala. Pittelkow ndi anzake mu 2015 anasonkhanitsa zotsatira za makafukufuku oposa 600 a m'maiko ambiri, n'kupeza kuti kusiya kugaula pakokha kumatsitsa zokolola ndi maperesenti pafupifupi 10, ukawonjeza kuphimbira ndi kasinthasintha kutsikako kumachepa, ndipo kumalo ouma kodalira mvula zokolola zimakwera ndithu. Rusinamhodzi ndi anzake mu 2011 anayang'ana chimanga chodalira mvula, anapeza kuti kumalo a mvula yambiri kuphimbira kumatha kutsitsa zokolola chifukwa madzi amakhazikika m'munda. Mu kapitulo yakale awiriwa anali ndime ziwiri zotalikirana, iliyonse ikungoti anapeza zakuti. Ataziika pamodzi anangoti "Aaa, ndiye kuti funso si lakuti imagwira kapena siigwira, koma imagwira kuti." Ndipo kwa ife a ku Tete zimenezi si nkhambakamwa, Changara ndi Magowe ndi kouma, kotentha, pomwe Angoniya ndi Tsangano ndi kumtunda kozizira kwa mvula yambiri, ng'ombe ponseponse. Zomwe zingathandize mlimi wa ku Changara sizikutanthauza kuti zithandizanso wa ku Domwe.

Apa lembani naye ndime imodzi, imodzi yokha. Ana amalemba m'Chipwitikizi koma ndiika m'Chichewa kuti muone kapangidwe kake. Yakale inali yotere: "Malinga ndi Pittelkow ndi anzake (2015), kusagaula kumatsitsa zokolola, kupatula kumalo ouma." Ndime ina patsogolo: "Malinga ndi Rusinamhodzi ndi anzake (2011), kuphimbira kumatsitsa zokolola komwe mvula ndi yambiri." Yatsopano inatuluka chonchi: "Phindu la mtayakhasu pa zokolola likuoneka kuti limadalira kuchuluka kwa mvula. Kumalo ouma, kusagaula pamodzi ndi kuphimbira ndi kasinthasintha kumakweza zokolola (Pittelkow ndi anzake, 2015), pomwe kumalo a mvula yambiri kuphimbira komweko kumatha kusunga madzi mopitirira n'kuzitsitsa (Rusinamhodzi ndi anzake, 2011). Choncho zomwe zapezeka kumalo ouma sitingangozitengera ku Angoniya osayesa, makamaka poti mapesi kumeneko amalimbiranidwa ndi ziweto, vuto lomwe Giller ndi anzake (2009) anatchula kale." Muonetseni ndi chala zinthu zitatu: chiganizo choyamba ndi mfundo yake iyeyo osati dzina la munthu, mayina abwerera kumbuyo ngati mboni, ndipo chomaliza chikubwerera ku funso lake. Timawu ngati pomwe, koma, choncho ndi timene tikunyamula katundu.

Musapitirire kulemba yachiwiri ngakhale akupempheni bwanji. Mukatero mwalemba monografiya ya mwini, ndipo tsiku la defeza juri ikafunsa kuti bwanji wanena zimenezi adzakuyang'anani inu.

Asanatuluke mulembereni pansi zomwe mwagwirizana, chifukwa za pakamwa zimauluka akangofika pa msika. Ine ndinalemba mizere inayi pamwamba pa fayilo yake: zowerenga zako n'zokwanira usawonjeze zina panopa, vuto ndi lakuti ndime iliyonse ikufotokoza munthu mmodzi, malizitsa tebulo n'kulemba ndime zitatu zokha motsika ngati ija talemba limodzi, unditumizire tebulo ndi ndimezo Lachitatu likubwerali. Zitatu zokha, osati kapitulo yonse, kuti ngati sanamve tidziwe msanga asanawononge masabata awiri ndi mamega ake.

Zikabwera samalani ndi kulumikiza kwabodza, kumapusitsa. Mtundu woyamba ndi uja wangochotsa mipata pakati pa ndime zakale n'kumata ndi "komanso", "kuwonjezera apo", ndime yatalika koma anthu aja sakulankhulanabe. Wachiwiri ndi uja walemba kuti "olemba ambiri amavomereza kuti mtayakhasu ndi wabwino" n'kuunjika mayina asanu kumapeto, kuphatikizapo omwe akukayikira. Uwu ndi woipa kuposa kapitulo yakale ija chifukwa tsopano akunamizira anthu zomwe sananene. Kuugwira n'kosavuta, tengani dzina limodzi pa muluwo mukaone pa tebulo lake ngati munthuyo ananenadi zimenezo. Mnyamata uja anagwa pomwepa, ndime yake ya udzu anaika onse mbali imodzi, ndinangomujambulira nyumba ziwiri za tebulo lake lomwe n'kumufunsa kuti awa akugwirizana pati. Anayankha pa WhatsApp patatha ola kuti sakugwirizana aphunzitsi, ndikonza.

Pali nthawi zina pomwe kufotokoza munthu mmodzi ndime yonse n'koyenera, monga ngati mwana akubwereka njira yoyesera ya kafukufuku ameneyo, ndiye musamuletse zonse. Ndipo mukaona tebulo lili ndi funso lomwe pansi pake nyumba zonse zili mbee, monga uja analibe chilichonse pa funso la ndani m'banja amanyamula ntchito yopalira ikachuluka, muuzeni ayambe wafufuzanso bwinobwino asanalembe kuti palibe anafufuzapo, nthawi zambiri zimakhala kuti ndi iyeyo sanapeze. Makoma ndi zaka zolakwika zija tinazigwira ulendo wachitatu, masamba atatsika kuchoka pa 12 kufika pa 8.