Kalondolondo wa masiku a sevisi ya injini ya chigayo

Injini ya dizilo imatha chifukwa cha maola amene yagwira ntchito, koma oyilo amakalamba ngakhale injini itangokhala. N'chifukwa chake mabuku a makina amapereka malire awiri, monga maola 250 kapena miyezi 6, ndipo mumatsatira amene ayambe kukwana. Kalondolondo wongowerenga miyezi amakunamizani nthawi yokolola, pamene chigayo chikulira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Tiyeni tikonze woona mbali zonse ziwiri mu Excel kapena Google Sheets.

Mzere uliwonse ukhale wa ntchito imodzi, osati wa makina onse. Kusintha oyilo kukhale pamzere wake, fyuluta ya dizilo pawake, girizi wa m'maberingi pawake, chifukwa chilichonse chili ndi nthawi yake. Malire ake muwatenge m'buku la injini yanuyo.

Madanga muwandandalike motere. Mu A dzina la makina, mu B ntchito, mu C tsiku limene munaigwira komaliza, mu D maola amene mita inkaonetsa tsikulo. Mu E mulembe malire a maola, mu F malire a miyezi. Mu G muike maola amene mwawerenga pamita posachedwapa, mu H tsiku limene munawerengalo, ndipo mu I maola amene injini imagwira pa tsiku. Ngati injini ilibe mita, wogayitsa azilemba m'kope nthawi yoliza ndi yozimitsa, inu n'kumawonkhetsa pakutha pa sabata.

Tsiku la sevisi yotsatira lituluke mu J:

```
=MIN(EDATE(C2,F2), H2+INT((D2+E2-G2)/I2))
```

Tiyerekeze kuti oyilo anasinthidwa pa 3 Malichi 2025 mita ili pa 1,200. Asinthidwenso ikafika pa 1,450 kapena pa 3 Sepitembala. Pa 7 Epulo mwawerenga 1,410, kusonyeza kuti m'masiku 35 injini yagwira maola 210, omwe ndi maola 6 pa tsiku. Atsala maola 40, okwanira masiku 6 athunthu, choncho J ionetsa 13 Epulo, osati Sepitembala. Chimanga chikachuluka n'kuyamba kugaya maola 10 pa tsiku, sinthani I ndipo tsikulo libwerera pa 11 Epulo.

Danga la H ambiri amalinyalanyaza, n'kuika `TODAY()` m'malo mwake. Musatero. Mukatha sabata osawerenga mita, G imakhala ndi maola akale pamene `TODAY()` ikusuntha, ndiye tsiku la sevisi limangothawira kutsogolo tsiku ndi tsiku, chenjezo osabwera. Mukawerengera kuchokera pa tsiku limene munaonadi mita, tsiku la sevisi limakhazikika ndipo lidzakuchenjezani ngakhale mwaiwala kuwerenganso.

Masiku otsala akhale mu K, ndipo L inene m'mawu mmene zinthu zilili:

```
=J2-TODAY()
=IF(K2<0,"YAPITIRIRA",IF(K2<=7,"YAYANDIKIRA","BWINO"))
```

Mawuwa ndi ofunika mukasindikiza pepala lopanda mitundu kuti mukhome m'chigayomo. Za mitundu, sankhani mizere yonse kuyambira pa A2, pitani pa Conditional Formatting, n'kuika malamulo awiri, loyamba lofiira, lachiwiri lachikasu:

```
=AND($C2<>"",$K2<0)
=AND($C2<>"",$K2>=0,$K2<=7)
```

Chizindikiro cha `$` chimachititsa kuti mzere wonse utenge mtundu poyang'ana K yekha. Mukachisiya, mitundu imagwera m'madanga osayenera. Gawo la `$C2<>""` limaletsa mizere yopanda kanthu kutenga mtundu.

Nambala 7 musaitenge ngati lamulo. Ikhale masiku amene mumafunikira kuti mupeze ndalama, mugule fyuluta ndi kupangana ndi makaniko. Ngati zipangizo mumakagula ku Lilongwe kapena ku Limbe inu muli kutali, ikani 14. Chenjezo lobwera mutatsala ndi masiku awiri silikuthandizani.

Vuto lina lofala ndi la madeti. Mukalemba 03/04/2025, kompyuta ina imamva kuti ndi 3 Epulo, ina 4 Malichi, ndipo deti losalitha kumva imaliyesa mawu wamba. Mudzazindikira poona detilo litatsamira kumanzere kwa danga, kapena J itaonetsa `#VALUE!`. Yesani ndi `=ISNUMBER(C2)`, ikati `FALSE` lembaninso. J ikaonetsa nambala ngati 45760, fomula ili bwino, mungosintha dangalo kukhala Date. Ikaonetsa `#DIV/0!`, ndiye kuti I ilibe kanthu.

Sevisi ikachitika, mu C ndi D mulembe tsiku ndi maola enieni amene ntchito yagwiridwa, osati amene munakonza. Mu H ndi G mulembenso tsiku ndi maola omwewo. Musanafufute zakale, zikopereni patsamba lachiwiri pamodzi ndi malita a oyilo, nambala ya fyuluta ndi mtengo wake, kuti makaniko akadzafunsa mbiri ya injiniyo mudzamuonetse zolembedwa.