Momwe mungalembere pulomputi ya chithunzi cha khonde la padziwe losambiramo madzulo, cha bulosha ya hotelo kapena loji

Ntchito yanga ndi kukonza mabulosha, ndipo eni maloji ambiri amapempha chithunzi chimodzi chomwecho pachikuto: khonde, dziwe losambiramo, nyali zitayaka, kunja kukuchita chisisira. Amene alibe ndalama yolipira wojambula masiku ano amathamangira ku mapulogalamu opanga zithunzi monga Midjourney. Amalemba mawu awiri atatu, makinawo n'kuwapatsa hotelo ya kunyanja ya mchere, mitengo ya kokonati ili ndandanda, dzuwa lofiira likumira m'madzi. Chithunzicho n'chokongola, koma si malo awo.

Pulomputi ndi mawu omwe mumalembera pulogalamu kuti ipange chithunzi. Ndikuonetsani momwe ndinalembera ya loji ina ya ku Senga Bay, m'boma la Salima. Pulomputiyo timailemba m'Chingerezi, chifukwa mapulogalamuwa anaphunzira kwambiri kuchokera ku zithunzi zofotokozedwa m'chiyankhulo chimenecho, ndipo Chichewa sachimva bwino.

Choyamba: kaimeni pakhondepo musanalembe kanthu

Pitani pamalopo madzulo ndi kope. Lembani zomwe maso akuona, osati zomwe mwini wake akulakalaka. Ku loji ija ndinapeza dziwe lamakona anayi, lotalika pafupifupi mamita 10, pansi pakhonde pali miyala yophwanthalala, mipando yogonerapo inayi yathabwa, kanyumba ka denga laudzu kogulitsiramo zakumwa, mtengo umodzi waukulu wa mbali ya kumanzere, ndipo kuseri kwa kampanda kakafupi kuli mchenga ndi nyanja. Ndinajambulanso ndi foni zithunzi zingapo, ngakhale zinali zodera.

Kenako funsani funso lomwe ambiri amaliiwala: khondeli layang'ana kuti? Gombe la Senga Bay layang'ana kum'mawa, chimodzimodzi Nkhata Bay ndi Chintheche. Kumeneko dzuwa limatulukira panyanja m'mawa, ndipo madzulo limalowa kumbuyo kwanu, kumtunda. Choncho chithunzi choonetsa dzuwa likulowa m'nyanja pa loji ya ku Senga Bay ndi bodza lomwe mlendo adzaligwira madzulo a tsiku loyamba. Ku Cape Maclear nkhani ndi ina, pakuti gombe la Chembe limaona dzuwa likulowa chakunyanja, cha ku chilumba cha Thumbi. Mwini loji ija ankafunitsitsa dzuwa lofiira pamadzi. Ndinawauza kuti, "Bwana, dzuwa limenelo muli nalo 5 koloko m'mawa, osati madzulo." Anaseka, n'kuvomera.

Chachiwiri: sankhani mphindi yeniyeni ya madzulo

Apa ndi pomwe pagona chithunzi chonse. Mukangolemba `evening`, pulogalamu isankha yokha, ndipo kawirikawiri imapereka dzuwa lolowa kapena usiku wa mdima bii. Zonse ziwiri zili ndi vuto. Dzuwa likakhala kutsogolo kwa kamera, mipando ndi khonde zimasanduka zithunzithunzi zakuda. Usiku weniweni nawo umameza nyanja, n'kungotsala madontho a nyali.

Ojambula mahotelo amadikirira kanthawi kamene dzuwa langolowa kumene, thambo likadali lobiriwira modera koma nyali zayaka kale. Pa kanthawi kameneka kuwala kwa kumwamba ndi kwa nyali kumakhala kofanana mphamvu, moti zonse zimaoneka: madzi, udzu wa padenga, miyala ya pansi. Kuno kwathu kanthawiko n'kakafupi, mphindi 20 kapena kupitirira pang'ono, chifukwa tili kufupi ndi ikweta, mzere wodutsa pakati pa dziko lapansi. Mawu ake mu pulomputi ndi `blue hour`, ndipo ndimawonjezera `15 minutes after sunset` kuti makina asazengereze.

Mukatero tchulani nyali iliyonse ndi malo ake. Ndimafuna kuwala kwa mitundu iwiri kokha kupatula thambo: nyali zachikasu za pakhonde ndi nyali ya m'madzi. Zachikasuzo ndimazilemba `warm 2700K lanterns`, nambala yomwe mumaionanso pabokosi la babu la kuwala kofunda. Ya m'madzi ndi `soft underwater pool light`. Liwu la `soft` musalisiye, apo ayi dziwe lidzawala ngati chikwangwani cha pabala. Kukoma kwa chithunzi chotere kumachokera pa kukumana kwa chikasu cha nyali ndi kubiriwira kwa thambo. Mukawonjezera nyali zofiira ndi zapepo, zonse zimasokonekera.

Popeza khonde la ku Senga Bay layang'ana kum'mawa, ndinapempha thambo lodekha lopanda dzuwa, ndipo patali panyanja ndinaikapo tinyali ta asodzi a usipa. Aliyense amene anagonapo kunyanja amatidziwa tinyali timeneti, tili ngati tauni yoyandama.

Chachitatu: yezani chikuto, musiye malo a mawu

Bulosha yofala ndi pepala la A4 lopindidwa patatu. Tsamba lachikuto limakhala mamilimita 99 m'lifupi ndi 210 m'litali, kutanthauza kuti chithunzi chiyenera kukhala choimirira, pafupifupi 1 kwa 2. Mu Midjourney mumalemba `--ar 1:2`. Mukapanga chithunzi chogona n'kudzachidula pambuyo pake, mudzataya theka la dziwe.

Dzina la loji ndi chizindikiro chake zimafuna pokhala. N'chifukwa chake ndimapempha kuti gawo limodzi mwa magawo atatu lakumwamba likhale thambo lokhalokha, lopanda nthambi ngakhale mitambo yambiri. Mawuwo muziwaika nokha mu pulogalamu yokonzera masamba. Musauze makina kuti alembe dzina pachithunzi, amakonda kupotoza zilembo.

Chachinayi: lumikizani zonse

Ndimayamba ndi mtundu wa chithunzi, kenako malo, zinthu, kuwala, poima kamera, ndipo malamulo a pulogalamu amakhala kumapeto. Zofunika kwambiri zikhale koyambirira. Nayi yomwe ndinagwiritsa ntchito:

```
Hotel brochure photograph, poolside terrace of a small lakeside lodge
on Lake Malawi, rectangular pool, flagstone paving, four wooden loungers,
thatched bar on the right, one large shade tree on the left,
calm freshwater lake beyond a low wall, blue hour, 15 minutes after sunset,
warm 2700K lanterns, soft underwater pool light, distant fishing lamps,
eye level, 24mm lens, straight verticals, empty sky in top third
--ar 1:2 --style raw --no people, text, palm trees, waves, sun
```

Mawu akuti `calm freshwater lake` ndi amene amaletsa mafunde a nyanja ya mchere. `24mm lens` imatenga khonde lonse popanda kulipinda kwambiri, pomwe `straight verticals` imathandiza kuti mizati iime chilili, isamaoneke ngati ikugwa chagada. `--style raw` imachepetsa zokometsera zomwe Midjourney imakonda kuthira yokha.

Taonani kuti zinthu zosafunika ndaziika kumapeto, pambuyo pa `--no`. Mukalemba `no palm trees` m'kati mwa chiganizo, makina nthawi zambiri amangomva dzina la mtengowo n'kukudzalirani yambiri. Mu Stable Diffusion, pulogalamu ina yopanga zithunzi, muli bokosi lakelake lotchedwa `Negative prompt`, ndipo zosafunikazo zimapita m'menemo. Mulibenso mawu ngati `beautiful`, `luxury` kapena `stunning` mu pulomputi yanga. Mawu otere sauza makina chilichonse cha malo anu, amangowakokera ku mahotelo akuluakulu akunja omwe anadzaza zithunzi za pa intaneti.

Anthu ndinawachotsa dala. Manja ndi nkhope ndi pomwe makina amalakwitsa kwambiri, komanso khonde lopanda munthu limapatsa woona mpata wodziika pampandopo. Kuti lisaoneke lakufa, mutha kuwonjezera thaulo lopinda pampando ndi matambula awiri patebulo.

Ngati muli ndi chithunzi cha pafoni chija, chilowetseni pamodzi ndi pulomputi kuti chikhale chitsanzo. Mu Midjourney, `--iw 2` imauza makina kuti atsamire kwambiri pa chithunzi chanucho. Sichidzatuluka ndendende, koma kaimidwe ka dziwe ndi denga kamayandikira.

Chachisanu: fufuzani zolakwika, musinthe chimodzi chimodzi

Ulendo woyamba zinatuluka zithunzi zinayi. Ziwiri zinali ndi dziwe losefukira m'mphepete ngati lalumikizana ndi nyanja, chinthu chomwe loji ija ilibe. Ndinawonjezera `raised stone pool edge` ndi kuika `infinity pool` pa mndandanda wa `--no`. Ulendo wachiwiri dziwe linakhala bwino, koma udzu wa padenga unali wanyankhalala ngati wa tinyumba ta kuzilumba. Ndinasintha kukhala `neatly trimmed grass thatch`, n'kutuluka denga lometedwa bwino monga amafolera kuno.

Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse. Mukasintha zisanu nthawi imodzi simudzadziwa chomwe chakonza kapena chawononga. Kuika nambala yomweyo ya `--seed`, nambala yomwe makina amayambirapo kupanga chithunzi, kumathandiza kuti zithunzi zisasiyane kwambiri pamene mukuyesa.

Mukapeza chokukomerani, chikulitseni pakompyuta, osati pafoni, n'kuyang'ana pang'onopang'ono. Werengani miyendo ya mipando. Onani ngati makwerero a m'dziwe akufika penapake kapena akungothera m'khoma. Koposa zonse yang'anani m'madzi: nyali iliyonse yooneka m'madzimo iyenera kukhala ndi mwini wake pamwamba, molunjika. Pa chithunzi china ndinapeza nyali zisanu m'madzi pomwe pakhonde panali zitatu.

Chachisanu ndi chimodzi: konzekerani kwa osindikiza

Osindikiza amafuna madontho 300 pa inchi, komanso mamilimita 3 owonjezera m'mbali zomwe mpeni udzadutse. Pa chikuto chathu ndiye kuti chithunzi chifike mapikiselo pafupifupi 1200 m'lifupi ndi 2550 m'litali. Chotuluka koyamba chimakhala chochepera pamenepo, choncho dinani `Upscale`, kenako muonenso ngati kukulitsako sikunasandutse udzu kukhala ngati pulasitiki.

Chithunzi cha madzulo chili ndi msampha wake papepala. Sikirini imawala yokha, pepala ayi, ndipo mitundu ikasinthidwa kuchoka ku RGB ya pasikirini kupita ku CMYK ya inki yosindikizira, kubiriwira kwa thambo kumazilala kapena kupendekera ku pepo, pomwe malo amthunzi amadetsedwa. Ndimawalitsa mithunzi pang'ono ndisanatumize, ndipo ndimapempha pepala limodzi loyesera asanasindikize mazana onse.

Pomaliza ikani chithunzicho pambali pa cha pafoni chija. Ngati muli chinthu chomwe mlendo sadzachipeza akafika, chichotseni, chifukwa kutsatsa malonda monamiza ndi nkhani yomwe anthu amakadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula. Ine ndimaika mawu aang'ono pansi onena kuti chithunzicho n'chopangidwa pakompyuta, ndipo m'masamba am'kati mumakhala zithunzi zenizeni za zipinda. Ku loji ija tinachotsa mpando umodzi womwe makina anawonjezera, n'kutsala inayi yomwe ilipodi.