Kuyeza ngati mitu yatsopano ya masamba yathandiza

"Ndikufuna kulembanso mitu ndi mafotokozedwe a masamba pa webusaiti ya shopu yathu ya mbewu ndi feteleza ku Kasungu. Anthu akachuluka, ndidziwa bwanji kuti si nyengo chabe kapena kusintha kwa Google?"

Mufunika Google Search Console, chida cha Google choonetsa mmene masamba anu akuchitira anthu akamasaka, chomwe chimasunga ziwerengero za miyezi 16, ndi masamba ofananako okwanira magulu awiri.

1. Gawani masambawo pawiri, gulu lililonse likhale ndi a mbewu ndi a feteleza. Lembaninso gulu limodzi lokha, linalo musalikhudze. Ambiri amalakwitsa pano: amasintha onse mu Okutobala, alimi akukonzekera dzinja, kenako n'kumanyadira kukwera komwe kukanabwerabe.

2. Lembani tsiku losinthalo, koma muyambe kuwerenga masabata pamene URL Inspection ya mu Search Console yaonetsa kuti Google yawerenganso tsambalo. Muonenso ngati mutu wanu ndi umene ukuoneka, poti Google nthawi zina imaika wake.

3. Pakatha masabata anayi, tsegulani lipoti la Performance, muone CTR, yomwe ndi peresenti ya odina tsamba mwa onse amene aliona pa Google, muyerekeze ya gulu lililonse ndi ya masabata anayi musanasinthe. Tinene kuti osinthidwa achoka pa 2.0% kufika 3.0%, osakhudzidwa pa 2.0% kufika 2.6%. Zanu ndi 0.4 yokha, 0.6 yabwera ndi nyengo kapena Google. Ngati odina ndi ochepa kwambiri, onjezerani masabata.

4. Onaninso Average position, yomwe imaonetsa malo amene tsamba limaonekera pa mndandanda wa Google. Ngati yasuntha kwambiri pa gulu limodzi lokha, CTR yake musaikhulupirire, chifukwa tsamba likakwera pamwamba limadinidwa kwambiri ngakhale mutu uli wakale. Onani pa Google Search Status Dashboard: ngati kusintha kwakukulu kunagwera m'masabata anuwo, dikirani kuthe, muyezenso.