Intaneti ikathima nyumba yonse, vuto lili pa modemu kapena pa rauta?

Foni imodzi ikakana kulowa pa intaneti, vuto limakhala la foniyo. Koma mafoni onse, laputopu ndi kanema zikakana nthawi imodzi, musavutike nazo. Pitani pomwe pali timabokosi tiwiri tomwe anakuikirani a kampani ya intaneti, chifukwa vuto lili pa kamodzi mwa ito, pa chingwe chomwe chimatilumikiza, kapena kunja kwa nyumba.

Malangizowa ndi a nyumba zolandira intaneti kudzera pa faiba. Modemu ndi kabokosi komwe kachingwe kopyapyala kochokera panja kamalowa, ndipo pa faiba amakatchula kuti ONT. Rauta ndi bokosi lija la tinyanga, lomwe limatenga intaneti kuchokera ku modemu nkuigawa kwa zipangizo za m'nyumba. Rauta imapitiriza kuulutsa wayifayi ngakhale modemu itafa. Nchifukwa chake kachizindikiro ka wayifayi kamatha kudzaza bwinobwino pa foni koma uthenga osapita. Kachizindikiro kaja kamangonena kuti foni ikumvana ndi rauta, basi.

Yambani ndi timagetsi ta pa modemu. Pa mamodemu ambiri a faiba pamakhala tinayi tolembedwa POWER, PON, LOS ndi LAN. Zinthu zikakhala bwino, PON imayaka mobiriwira mosaphethira ndipo LOS imakhala yozima. LOS ikafiira, ndiye kuti kuwala kochokera ku kampani sikukufika. Mwina chingwe chaduka panja, mwina kachingwe ka m'nyumba kapindika kwambiri kuseri kwa kabati, kapena kamutu kake kasololoka. Apa rauta ilibe mlandu, ndipo kuigwiragwira nkutaya nthawi. Onani kuti kachingweko sikanapanikizike, kenako imbirani kampani. Musasuzumire m'kamutu ka faiba: kuwala kwake sikuoneka ndi maso koma kungathe kuwavulaza. PON ikangophethira kwa mphindi zoposa zisanu osakhazikika, kuwala kukufika koma modemu sikulandiridwa ku kampani, ndipo nkhaniyinso ndi ya iwo.

Ngati timagetsi ta modemu tili bwino, zimitsani zonse ziwiri pa soketi, dikirani theka la mphindi, kenako yatsani modemu yokha. Ipatseni mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka PON itakhazikika, ndiye muyatse rauta. Magetsi akabwera atathima, zonse zimayaka pamodzi, ndipo marauta ena amafunsa adiresi, nambala yozindikiritsa chipangizo pa intaneti, modemu isanakonzeke nkungokhala choncho.

Zikakanabe, tiyerekeze nyumba ina yomwe intaneti yathima usiku wa mvula ya ziphaliwali. M'mawa PON ndi yobiriwira, LOS yozima, mafoni akuonetsa wayifayi yodzaza. Mwininyumba akutenga laputopu ya Windows, akutsegula Command Prompt, pulogalamu yolembamo malamulo, nkulemba:

```
ipconfig
```

Pa mzere wa Default Gateway pakutuluka 192.168.0.1, yomwe ndi adiresi ya rauta (marauta ena amagwiritsa ntchito 192.168.1.1). Kenako akuyesa malo awiri, woyamba m'nyumba, wachiwiri kunja:

```
ping 192.168.0.1
ping 8.8.8.8
```

Woyamba ukuyankha, wachiwiri ukubweza Request timed out. Izi zikutiuza kuti mbali ya rauta yoyang'ana m'nyumba ili moyo, ndipo njira yaduka penapake kuyambira pa chibowo cha WAN, chomwe chingwe chochokera ku modemu chimalowa pa rauta, kupita kunja. Zikanakhala kuti pa Default Gateway palibe chilichonse, ndipo adiresi ya laputopu ikuyamba ndi 169.254, bwenzi tikuti rauta yalephera ngakhale kugawa maadiresi m'nyumba momwemo, ndipo mlandu ukanathera pomwepo.

Akulemba 192.168.0.1 ija m'bulawuza, akulowa ndi dzina ndi pasiwedi zomwe zili pa kapepala ka kunsi kwa rauta, nkuyang'ana tsamba la WAN kapena Internet. Adiresi yalembedwa 0.0.0.0, kutanthauza kuti rauta sinalandire kanthu kuchokera kunja. Apa mpomwe ambiri amafulumira kunena kuti modemu yapsa, koma umboni sunakwane. Akubwerera pa modemu nkuona kuti kagetsi ka LAN nkozima. Kagetsi kameneka kamayaka pokhapokha modemu ikamva kuti kumapeto kwa chingwe kuli chipangizo chamoyo. Kakazima, okayikiridwa ndi atatu: chingwe, chibowo cha modemu, kapena chibowo cha WAN pa rauta.

Chingwe ndiye chosavuta. Akuikapo china, akumva kamutu kake kakuti khethe mbali zonse, koma LAN sikuyakabe. Ndiye akuzula chingwecho pa rauta nkuchilowetsa pa laputopu, mbali inayo ikadali pa modemu. LAN yayaka nthawi yomweyo. Modemu ndi chingwe zili bwino, chomwe chafa ndi chibowo cha WAN pa rauta, ndipo zimenezi si zachilendo chiphaliwali chikadutsa. Yankho ndi rauta ina. LAN ikanakanabe kuyaka ngakhale pa laputopu ndi chingwe chatsopano, vuto likanakhala la modemu, yomwe kawirikawiri imakhala katundu wa kampani, choncho sikofunika kuitsegula kapena kugula ina pamsika.

Pa kuyesa kolumikiza laputopu mwachindunji ku modemuku pali msampha womwe umasokoneza ngakhale anthu odziwa. Kuyaka kwa LAN ndi umboni wodalirika, koma kusabwera kwa intaneti pa laputopu si umboni wakuti modemu yafa. Makampani ambiri a faiba amagwiritsa ntchito njira yotchedwa PPPoE, yomwe imafuna dzina ndi pasiwedi ya akaunti yanu, ndipo zimenezi zimasungidwa mu rauta. Laputopu ilibe, choncho siingalowe ngakhale zonse zili bwino. Musanayese, onani pa tsamba la WAN lija ngati palembedwa PPPoE kapena Dynamic IP. Ngati ndi Dynamic IP, zimitsani modemu nkuiyatsanso musanalumikize laputopu, chifukwa makampani ena amakumbukira chipangizo choyamba nkukana chachiwiri. Mukatero intaneti nkubwera pa laputopu, rauta ndiyo yolakwa.

Pachifukwa chomwechi, kabatani kobisika ka pa rauta kolembedwa RESET musakakhudze. Ambiri amakabaya ndi singano poganiza kuti akungoyatsanso, koma kamafufuta dzina ndi pasiwedi ya PPPoE ija, ndipo vuto laling'ono limasanduka lodikira amisiri. Kabayeni pokhapokha mwalemba kale dzina ndi pasiwediyo penapake, kapena a kampani akakuuzani ali pa foni.

Rauta ikamayaka nkuzima yokha mobwerezabwereza, musanaitaye yang'anani adaputala yake. Maadaputala amafooka, komanso amasinthanitsidwa posesa m'nyumba chifukwa timitu take timafanana. Werengani kunsi kwa rauta: ngati palembedwa 12V 1A, adaputala ikhalenso ya 12V, ndipo ma ampu ake asachepere 1A.

Pali nthawi zina pomwe timagetsi tonse timakhala bwino, mabokosi onse ali moyo, koma intaneti kulibe. Onani ngati ndalama ya mwezi sinathe, ndipo funsani oyandikana nawo omwe ali pa kampani yomweyo ngati kwawonso kwathima. Poimba foni, nenani zomwe mwaona: mtundu wa PON ndi LOS, ngati LAN ikuyaka, ndi adiresi yomwe ili pa tsamba la WAN. Ndi zimenezi wolandira foni amadziwa ngati atumize amisiri a chingwe kapena akonze pa akaunti yanu ali mu ofesi momwemo.