Momwe Mungadziwire Vuto la Firiji ya Invata Ikasiya Kuziziritsa Magetsi Atabwerera

Kuno ku Johannesburg mafiriji ambiri amayamba kuvuta pa nthawi imene magetsi abwerera atazima, kaya chifukwa cha kugawa magetsi kwa Eskom, kuwonongeka kwa nthambo za City Power, kapena ziphaliwali za m'nyengo yamvula. Firiji ikasiya kuziziritsa, anthu ambiri amathamangira kunena kuti gasi watha kapena kompuresa yapsa, ndipo ena amalipira ndalama zambiri kusinthitsa chinthu chimene chinalibe vuto. Ngati firiji yanu ndi ya invata, nthawi zambiri imanena yokha chimene chaivuta kudzera m'kanyali kakang'ono ka pa bolodi yake, ndipo munthu akhoza kuwerenga uthengawo asanaitane wokonza.

Choyamba, dziwani mtundu wa kompuresa imene muli nayo

Kompuresa yachikale ili ndi liwiro limodzi lokha. Pa magetsi a dziko lino, omwe ndi 230 V ndi 50 Hz, imazungulira pafupifupi maulendo 3000 pa mphindi, ndipo m'kati mukazizira mokwanira themositati imaizimitsa, kenaka n'kuiyatsanso kutentha kukakwera. Poyamba kuzungulira imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa amene imagwiritsa ntchito ikakhazikika, n'chifukwa chake babu la m'chipinda limafooka pang'ono firiji yotereyi ikamayaka. Pambali pake pamakhala kabokosi kokhala ndi tizipangizo tiwiri, rile yoyambitsira ndi kachitetezo kodula magetsi kompuresa ikatentha kapena ikakanika kuzungulira. Firiji yachikale ikamalira pang'ono, n'kumveka kuti "tiki", n'kukhala chete kwa mphindi zingapo, kenaka n'kubwerezanso, kawirikawiri vuto limakhala rile ija, yomwe ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kompuresa.

Kompuresa ya invata ilibe rile. M'malo mwake ili ndi bolodi imene imalandira magetsi a pakhoma, n'kuwasandutsa magetsi oyenda mbali imodzi oposa 300 V, kenaka n'kuwatumiza ku kompuresa m'nthambo zitatu mosinthasintha malinga ndi kuzizira kumene kukufunika. Motero imayamba pang'onopang'ono, imathamanga mukaikamo chakudya chambiri chofunda, ndipo imabwerera pa liwiro lotsika n'kumayenda choncho kwa nthawi yaitali. Ichi n'chifukwa chake imadya mayunitsi ochepa komanso sisokosa, ndipo munthu amene wangoigula kumene asade nkhawa poona kuti siizimazima ngati yakale ija. Kuipa kwake n'kwakuti bolodiyo siipirira magetsi okwera kapena otsika kwambiri, ndipo ikapsa mtengo wake ndi waukulu kuposa wa rile. Mawu akuti Inverter amalembedwa pachitseko kapena pakapepala komatidwa pa kompuresa, ndipo pamenepo ndi pamene muyenera kuyang'ana.

Chachiwiri, werengani kuphethira kwa kanyali

Musanamasule chilichonse, yang'anani ngati nthawi ya galanti isanathe, chifukwa kutsegula bolodi kukhoza kuithetsa. Ngati inatha, zulani pulagi pakhoma, dikirani mphindi zosachepera 10, ndipo mumasule chivundikiro cha bolodi, chomwe chimakhala kumbuyo kwa firiji kapena pafupi ndi kompuresa. Pa bolodi pali makapasita aakulu ozungulira amene amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, choncho musakhudze bolodiyo ndi chala kapena sukuludilaiva nthawi ina iliyonse, ndipo ana asayandikire. Lumikizaninso pulagi, imani patali pang'ono, ndipo muleze mtima, pakuti mabolodi ambiri amadikira mphindi zingapo asanayese kuyendetsa kompuresa, ndipo chizindikiro cha vuto chimaoneka pokhapokha kuyesako kukalephera.

Kanyaliko kamaphethira maulendo angapo motsatizana, n'kupumira kwa masekondi ochepa, kenaka n'kuyambiranso. Chimene mukuwerenga ndi maulendo a pakati pa kupuma kumodzi ndi kwina. Ine ndimalimbikitsa kujambula vidiyo pa foni kwa mphindi yathunthu, chifukwa maso amasokonezeka mosavuta pakati pa 5 ndi 6, komanso vidiyoyo mukhoza kutumizira wokonza asananyamuke kuti abwere ndi chipangizo choyenera.

Apa mpamene pamafunika kusamala kwambiri, chifukwa makampani sanagwirizane tanthauzo limodzi la manambalawa. Pa mafiriji ambiri a Samsung, kuphethira kamodzi kumasonyeza kuti kompuresa yalephera kuyamba, kawiri kumaloza vuto la chipangizo chamagetsi cha pa bolodi chotchedwa IPM, kanayi kumasonyeza kuti kompuresa yagwira ndipo sikuzungulira, maulendo 5 ndiye kuti magetsi atsika kwambiri, pamene maulendo 6 ndiye kuti akwera kwambiri. Koma pa mafiriji ambiri a LG, maulendo 6 omwewo amatanthauza kuti kompuresa yakoka magetsi opyola muyeso, ndipo maulendo 7 ndi amene amaloza IPM. Palinso mabolodi a makompuresa a Embraco amene amaphethira kamodzi pa masekondi 15 aliwonse pongosonyeza kuti zonse zili bwino. Pa chifukwa chimenechi, lembani nambala ya mtundu wa firiji yanu, yomwe ili pakapepala ka m'kati kapena kumbuyo, ndipo muyerekeze zimene mwawerenga ndi ndandanda ya mtundu umenewo basi, osati imene mnzanu wakutumizirani ya firiji yake.

Ngakhale manambala amasiyana, zimene mabolodiwa amadandaula zimagwera m'magulu atatu: magetsi olowa sali bwino, bolodi yeniyeniyo yawonongeka, kapena kompuresa yakana kuzungulira. Chofunika kumvetsa n'chakuti kanyaliko kamanena zimene bolodi yaona, osati chipangizo chimene muyenera kugula. Bolodi yofooka ikhoza kunena kuti kompuresa yalephera kuyamba pamene kompuresayo ili bwinobwino, ndipo nthambo yomasuka pa mapini a kompuresa ikhoza kupereka chizindikiro chomwecho.

Chachitatu, yambani ndi magetsi a pakhoma

Tiyerekeze kuti mayi wina amachita lendi chipinda chakuseri kwa nyumba ku Rosettenville, ndipo magetsi ake amachokera m'nyumba yaikulu kudzera mu ekisitenshoni yaitali yopyapyala. Pa ekisitenshoni yomweyo pali firiji ya Samsung ya invata, ketulo ndi sitovu ya mbale ziwiri. Firijiyo imaziziritsa bwino masana, koma madzulo nyama ya mufiriza imayamba kufewa, ndipo kanyali kakuphethira maulendo 5. Wokonza wanzeru sayamba wakhudza gasi. Amatenga mita yoyezera magetsi, n'kuitchera pa AC, n'kuyeza pa soketi ya firijiyo. Sitovu ili yozima mita ikusonyeza 226 V, koma mbale ziwiri zija ndi ketulo zikayaka nambala ikugwa kufika pa 180 V. Magetsi oyenera m'dziko lino amayenera kukhala pakati pa 207 V ndi 253 V, choncho bolodiyo sinalakwitse, yangoimitsa kompuresa poiteteza. Mankhwala ake ndi kupatsa firiji soketi yakeyake ya nthambo yokhuthala mokwanira, zomwe ndi zofunika kukambirana ndi eni nyumba, ndipo ekisitenshoni imene ikutentha mukaigwira iyenera kuchotsedwa tsiku lomwelo chifukwa ikhoza kuyambitsa moto.

Magetsi a pakhoma akakhala abwino koma chizindikiro cha magetsi otsika kapena okwera chikupitirirabe, ndiye kuti vuto lasamukira pa bolodi, mwina kapasita yafooka kapena mbali imene imayeza magetsi yawonongeka. Kapasita yotupa pamwamba, fyuzi yakuda, kapena fungo la pulasitiki wopsa, ndi umboni woti bolodi inamenyedwa ndi magetsi okwera mwadzidzidzi.

Chachinayi, kompuresa iyezedwe isanaweruzidwe

Gawo ili ndi la munthu wodziwa kugwiritsa ntchito mita, koma mwini firiji ayenera kudziwa chimene chikuyezedwa kuti afunse bwino. Pulagi ikazulidwa ndipo nthawi yodikira ikakwana, amachotsa cholumikizira cha pa mapini atatu a kompuresa, n'kutchera mita pa Ω, pomwe imayeza mmene waya akukanizira magetsi kudutsa, n'kuyeza mapiniwo awiriawiri. Pa kompuresa ya invata, yomwe nthambo zake zimalembedwa U, V ndi W, manambala atatuwo ayenera kufanana kapena kusiyana pang'ono chabe. Mwachitsanzo, mukapeza 12.1, 12.0 ndi 12.2, mawaya a m'kati ali bwino, koma mukapeza 12, 12 ndi 3, kapena mita ikasonyeza OL pa mapini ena, kutanthauza kuti palibe kulumikizana, ndiye kuti kompuresa yapsa m'kati. Pa kompuresa yachikale malamulo ndi ena, chifukwa mapini ake ndi C, S ndi R, ndipo manambala awiri ang'onoang'ono akaphatikizidwa ayenera kupereka nambala yaikuluyo, monga 15 ndi 25 kupereka 40. Wokonza amene wazolowera zachikale akhoza kuona manambala ofanana n'kuganiza kuti kompuresa ya invata yawonongeka, pamene ndi momwe inapangidwira. Mafiriji a LG olembedwa Linear ali ndi kompuresa ya mtundu wina, ndipo lamulo la manambala atatu ofanana siliwakhudza. Pomaliza amayeza pakati pa pini iliyonse ndi chitsulo cha thupi la kompuresa, ndipo pamenepo mita siyenera kusonyeza kulumikizana kulikonse.

Kuyeza kumeneku kusadumphidwe ngakhale bolodi ikuoneka kuti yapsa, pakuti kompuresa yokhala ndi shoti imaotchanso bolodi yatsopano ikangolumikizidwa. Kuli ndi malire akenso: kompuresa imene yagwira m'kati ikhoza kusonyeza manambala abwino, ndipo imadziwika pokhapokha ikayesedwa ndi bolodi ina yabwino kapena ndi makina oyesera makompuresa a invata. Chimene sindingalole pa firiji iliyonse ya invata ndi munthu wofuna kulumikiza kompuresa molunjika ku magetsi a pakhoma, kapena kuikapo rile kuti aone ngati ilira. Njira imeneyo ndi ya makompuresa achikale, ndipo pa ya invata imaotcha mawaya a m'kati m'kanthawi kochepa.

Nanga gasi? Ngati kanyali sikakusonyeza vuto, kompuresa ikumveka kunjenjemera mukaigwira, fani ikuzungulira, koma mapaipi akumbuyo sakufunda ndipo m'kati simukuzizira ngakhale papita maola angapo, pamenepo ndi pamene nkhani ya kudontha kwa gasi kapena kutsekeka kwa paipi imayamba kumveka. Mafiriji ambiri amakono amagwiritsa ntchito gasi wa R600a, yemwe amayaka moto, choncho ntchito yoboola kapena kuwotcherera mapaipi ndi ya munthu wophunzira bwino, ndipo ayenera kupeza pamene pakudontha asanathiremo wina.

Firiji ikakonzedwa, iikireni kachipangizo kotetezera kamene kamalowa pakati pa soketi ndi pulagi. Posankha, werengani pa paketi ngati kamadula magetsi akatsika komanso akakwera, ndiponso ngati kamadikira mphindi 3 mpaka 5 magetsi akabwerera, chifukwa mapulagi ena ogulitsidwa m'masitolo amangoteteza ku kukwera kwadzidzidzi kokha ndipo sangathandize pa vuto ngati la ku Rosettenville lija. Kudikirako kumathandizanso firiji yachikale, popeza gasi amafunika mphindi zingapo kuti mphamvu yake ifanane mbali zonse za mapaipi kompuresa isanayambenso. Ngati kachipangizoko mulibe, zulani pulagi magetsi akazima, musamatsegule chitseko pafupipafupi, ndipo mulumikizenso patatha mphindi 5 magetsi atabwerera.