Kufotokoza galafu ya mzere m'Chingerezi

"Pa mayeso andipatsa galafu ya mzere kuti ndiifotokoze m'Chingerezi. Ndiyambire pati?"

Musanalembe, onani mutu wa galafu, zaka zimene zili m'munsi, ndi muyeso wa manambala a m'mbali. Ngati zakazo zinadutsa, aneni onse akhale a nthawi yakale.

1. Chiganizo choyamba chinene zimene galafu ikuonetsa, koma m'mawu anuanu, osakopera mutu.

2. Chachiwiri chinene kumene mzere wonse walowera, popanda manambala: "Overall, sales increased."

3. Dulani mzerewo pamene wakhota, chigawo chilichonse ndi mneni wake. Pokwera lembani "rose", potsika "fell", pamene wangoyenda chogona "remained stable", pansonga "peaked at". Kukwera kwadzidzidzi ndi "rose sharply", kwapang'onopang'ono ndi "rose gradually".

4. Ikani manambala. Ambiri amagwa apa, posokoneza "to" ndi "by". Tiyerekeze kuti malonda achoka pa 20 kufika pa 35. "Rose to 35" akunena pamene afika, pomwe "rose by 15" akunena kuchuluka kwa zimene zawonjezereka. Mukalemba "rose by 35", wochonga awerenga kuti afika pa 55.

5. Musafotokoze chimene chinachititsa kusinthako, galafu sinena zimenezo.