Bala latupa, likutentha ndiponso likuwawa: momwe mungalitsukire ndi nthawi yothamangira kuchipatala

Tiyerekeze kuti Lolemba m'mawa mwadzitema ndi khasu pamwamba pa phazi muli kumunda. Mwamanga kansanza, magazi asiya, ntchito yapitirira. Lachiwiri bala likuwawa ndipo m'mbali mwake mwatupa pang'ono. Pamenepo palibe chodabwitsa, ndi mmene thupi limayambira kukonza pamene pavulala. Tsiku loti mutchere khutu ndi lachitatu. Bala lomwe likupola, ululu wake umachepa tsiku ndi tsiku. Ngati Lachinayi likuwawa kuposa dzulo, nsapato yayamba kukana, dziwani kuti majeremusi alowa.

Ambiri timadikira kuona kufiira, koma pa khungu lakuda kufiira sikuoneka msanga. Khungulo limangoderako kuposa pozungulira, n'kumanyezimira. Ndiye gwirani ndi kuseri kwa dzanja, muyerekeze ndi phazi linalo. Pamene patukusira pamatentha ndipo pamalimba. Mafinya achikasu kapena obiriwira, komanso fungo, ndi umboni wina.

Potsuka, yambani ndi manja anu. Sambani ndi sopo, mpaka m'zikhadabo. Kenako wiritsani lita imodzi ya madzi, muthiremo masupuni aang'ono awiri a mchere osasefukira, muwasiye apole mpaka akhale ofunda. Musaonjezere mchere poganiza kuti kuluma ndiko kuchiza. Mchere wambiri umapweteka mnofu watsopano umene ukumera.

Ngati nsanza yakakamira pabala, inyowetseni ndi madziwo mpaka imatuke yokha. Tsukani khungu lozungulira ndi sopo, koma m'kati mwa bala thirani madzi okhaokha. Apa mpamene anthu ambiri amafulumira. Thirani ndi kapu pang'onopang'ono, madzi aziyenda ndi kugwera pansi, kwa mphindi zisanu kapena kupitirira. Chimene chimachotsa dothi ndi kuchuluka kwa madzi oyenda. Khasu limalowetsa timchenga ndi tizinyalala, ndipo kachinthu kamodzi kakatsalira, bala silisiya kutulutsa mafinya. Pukutani ndi kansalu kowiritsa kuchokera pabala kupita kunja, mbali imodzi kamodzi kokha. Thonje lipeweni chifukwa limasiya ulusi m'bala. Ndipo musafinye ndi mphamvu, mungakankhire majeremusi m'kati.

Mukatha, phimbani ndi bandeji kapena nsalu yochapa ndi kusita, osamanga kwambiri. Tsukani ndi kusintha kawiri patsiku, komanso nthawi iliyonse ikanyowa. Pokhala kapena pogona, sanjikani phazi pa pilo kuti kutupa kuchepe. Panado amathandiza ululu, koma sapha majeremusi.

Pali kanthu kena kosavuta komwe ndimalimbikitsa aliyense. Tengani cholembera, mujambule mzere kuzungulira pamene kutupa ndi kutenthako kwalekezera. Mawa lake onaninso. Ngati kwadutsa mzere, zapakhomo zakanika, nyamukani tsiku lomwelo.

Zimandipweteka kuona bala lopakidwa phulusa, dothi, ndowe kapena mankhwala otsukira mano. Ena amatsegula kapisozi n'kuwaza ufa wake pabala, ena amathira sipiriti. Sipiriti imawotcha mnofu, ufa wa kapisozi umangouma pamwamba mafinya ali pansi. Dothi ndi ndowe ndiye zoopsa koposa, chifukwa ndimo mumakhala majeremusi a kafumbata. Amakonda bala lakuya, lopapatiza, ngati la msomali kapena minga. Ngati simunabayitse katemera wa kafumbata m'zaka zisanu zapitazi, kapena simukukumbukira, pitani akakubayeni, ngakhale bala likuoneka laling'ono. Nsagwada zikayamba kuuma, kukamwa kukuvuta kutsegula, musagone pakhomo.

Musadikirenso kuti kuche ngati thupi latentha kapena mukunjenjemera, ngati pali mzere wofiira kapena woderako wochoka pabala kukwera mwendo, kapena ngati mwatuluka mwanabele m'mphechepeche (bala likakhala padzanja, amatuluka m'khwapa). Zikatero matenda achoka pabala, akuyenda m'thupi. Chimodzimodzi khungu likayamba kuda bii, kuchita matuza, kapena ululu ukakula kuposa kukula kwa bala.

Amene ali ndi matenda a shuga asayese n'komwe kudzisamalira okha. Phazi lawo nthawi zambiri silimva ululu, kotero bala limatha kuonongeka mwini wake akuti zili bwino. Nawonso amene chitetezo cha m'thupi chinatsika apite msanga.

Kuchipatala mwina akalitsegula kuti mafinya atuluke, ndipo musadabwe akakana kulisoka. Bala amasoka likadali latsopano, m'maola oyambirira. Lotukusira amalisiya lotsegula kuti lipole kuchokera pansi. Akakupatsani mankhwala opha majeremusi, mumwe masiku onse amene akuuzani, ndipo pakatha masiku awiri popanda kusintha, bwererani akalionenso.